Z yanga ndi 1.25 koma mayankho akutuluka atatu, lolondola ndi liti?

Nasibeko_22:
Anzanga ndithandizeni. Funso likuti malikisi a mayeso ena akutsata nomolo, galafu yooneka ngati belu ija, avareji ndi 58, sitandadi diviyeshoni ndi 8. Wophunzira wina wapeza 68, ndiye tipeze pesentayilo yake. Tili atatu amene tikuwerengera limodzi, ndipo tonse tachotsa avareji pa 68 n'kugawa ndi diviyeshoni, tapeza z ya 1.25, pamenepo palibe mkangano. Koma titapita pa tebulo, ine ndapeza 0.3944, mnzanga wapeza 0.8944, winayo wapeza 0.1056. Aliyense akuloza m'buku lake ndipo nambalayo ilipodi. Ndiye kuti mabuku awiri ndi olakwika? Komanso zingatheke bwanji munthu amene waposa avareji n'kukhala pa pesentayilo ya 39?

Kadzidzi:
Yankho ndi 0.8944. Lembani pesentayilo ya 89 basi.

Nasibeko_22:
Zikomo achimwene, koma ndikufuna ndimvetse chifukwa chake. Pa mayeso ndidzakhala ndekha ndi tebulo lomwe adzandipatse.

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
Achemwali, funso lanu lachiwirilo ndi lomwe likusonyeza kuti mwayandikira kale. Munthu amene waposa avareji sangakhale pansi pa pesentayilo ya 50 ngati malikisiwo akutsatadi nomolo, chifukwa galafu ya nomolo mbali zake ziwiri ndi zofanana ndendende, theka kumanzere kwa avareji, theka kumanja.

Palibe buku lolakwika pa atatuwo. Matebulo a nomolo amasindikizidwa mosiyana, ndipo lililonse limayeza chigawo chake cha galafu. Jambulani belu lija papepala, mulembe 0 pakati, muike kamzere pa 1.25 chakumanja. Tebulo la mnzanu amene wapeza 0.8944 limawerenga zonse kuchokera kumapeto kwa kumanzere mpaka pa kamzereko. Lanu limayambira pakati, pa 0, n'kukalekeza pa kamzereko, ndiye likusiya theka lonse la kumanzere. Mukawonjezera 0.5 pa 0.3944 mupeza 0.8944 yomweyo. La mnzanu wachitatu limawerenga kamchira kotsala kumanja, ndipo mukachotsa 0.1056 pa 1 mubwereranso pa 0.8944.

Pesentayilo imafunsa kuti ndi angati ali pansi pa munthuyo, choncho mukufuna zonse za kumanzere. Mwa ophunzira 100 aliwonse, pafupifupi 89 apeza malikisi osafika pa 68.

Mukalandira tebulo lachilendo, musanayambe n'komwe, onani nambala imene ili pa z ya 0.00. Ikakhala 0.0000, tebulo lanu ndi loyambira pakati. Ikakhala 0.5000 ndipo manambala akukwera mukamatsika, ndi lochokera kumanzere. Ikakhala 0.5000 koma akuchepa, ndi la kumchira. Matebulo ambiri amakhalanso ndi kachithunzi pamwamba komwe adetsa chigawo chimene akuyeza, koma ophunzira amakadumpha.

Chisale77:
Ine sindikugwirizana nazo. Mwana wapeza 68 pa 100. Mukumukwezera bwanji kufika 89? Ndiye kuti amene wapeza 89 weniweni mumupatsa zingati?

Tiyamike_B:
A Chisale, palibe amene akumuwonjezera malikisi. 68 yake ikhalabe 68. 89 ija ikungonena malo ake pakati pa anzake, kuti waposa anthu 89 mwa 100 aliwonse. Mayeso akakhala ovuta kwambiri, munthu angathe kupeza 40 n'kukhala pamwamba pa gulu lonse. Amene wapeza 89 pa mayeso amenewa z yake ndi 31 kugawa ndi 8, pafupifupi 3.9, ndipo matebulo ambiri safika n'komwe kumeneko.

Chisale77:
Chabwino, koma ndiye zikutengera anzake amene walemba nawo. Zimenezo kwa ine si chilungamo. Mwana yemweyo mumuike m'gulu la anzeru, pesentayilo yagwa.

Tiyamike_B:
Eya, zili choncho ndithu. Pesentayilo siyeza kuti munthu akudziwa zochuluka bwanji, imayeza malo ake m'gulu limene mwasankha. N'chifukwa chake sitiyenera kuitchula osanena kuti ndi gulu liti.

Nasibeko_22:
Aphunzitsi, ndamva za matebulo atatu aja. Nanga funso lotsatira likuti wina wapeza 52. Ndapeza z ya −0.75, koma tebulo langa lilibe manambala a mayinasi.

Kadzidzi:
Ingochotsani mayinasiyo muwerenge 0.75.

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
A Kadzidzi, kuwerenga pa 0.75 n'koyenera, koma mukalekera pomwepo mumusocheretsa. Pa tebulo lochokera kumanzere, 0.75 imapereka 0.7734, ndiye mwana amene ali pansi pa avareji mwamuika pa pesentayilo ya 77. Popeza mbali ziwiri za belu ndi zofanana, amene ali pansi pa −0.75 ndi ochuluka chimodzimodzi ndi amene ali pamwamba pa 0.75. Ndiye 1 kuchotsa 0.7734, yankho ndi 0.2266, pesentayilo ya 23.

Pa tebulo la Nasibeko loyambira pakati, 0.75 ipereka 0.2734. Pano simukuwonjezera 0.5 ngati poyamba paja. Chigawo chimenecho chili pakati pa wophunzirayo ndi avareji, ndipo anthu amenewo amuposa, choncho mukuchichotsa pa theka la kumanzere: 0.5 kuchotsa 0.2734, mupeza 0.2266 yomweyo. Musaloweze kuti apa ndiwonjezera, apa ndichotsa. Jambulani belu, detsani chigawo chimene funso likufuna, ndipo diso lidzakuuzani musanakhudze tebulo kuti yankho likhala lochepera theka.

Kawerengedwe ka tebulo nakonso kamagwetsa anthu. Mzere wotsika kumanzere umakupatsani 0.7, mzere wa pamwamba umakupatsani 0.05, yankho lili pomwe ziwirizi zakumana. Chala chikaterereka n'kupita pa 0.6 kapena 0.8, yankho limaoneka labwinobwino koma lili lolakwika.

Mlonda_Usiku:
Kodi masiku ano tikuvutikirabe ndi matebulo? Mu Excel ndi mzere umodzi:

```
=NORM.S.DIST(1.25,TRUE)
```

Ikupatsani 0.8944 popanda kujambula belu.

Gogo_Chalo:
Mwana wanga, ikupatsani inde. Koma mukaika FALSE m'malo mwa TRUE ikupatsani 0.1826, kutalika kwa galafu pamalopo, ndipo munthu amene sanajambulepo belu adzalemba pesentayilo ya 18 ali ndi mtima wokhazikika. Makina sakuuzani kuti mwafunsa funso lina. Ife tinkaphunzira ndi matebulo a malogarithimu omwe, ndipo chimene tinapindula n'chakuti tisanawerengere timakhala tikudziwa kale kuti yankho ligwera chapati.

Mlonda_Usiku:
Agogo, kujambula belu ndavomera. Koma kusaka manambala ndi chala pa pepala sindikuona chimene kumaphunzitsa. Aphunzitsi angonena kumene kuti chala chimaterereka.

Gogo_Chalo:
Tebulo limakuonetsa manambala onse pamodzi. Umaona wekha kuti kuchoka pa 0 kufika pa 1 akukwera msanga, 0.5000 mpaka 0.8413, koma kuchoka pa 2 kufika pa 3 akungosuntha pang'ono, 0.9772 mpaka 0.9987. Ukaona zimenezo umamvetsa kuti malikisi 8 owonjezera pakati pa gulu amakudumphitsa anthu ambiri, koma malikisi 8 omwewo kumtunda sasintha malo ako kwenikweni. Fomula ya pa kompyuta imakuonetsa nambala imodzi yokha.

Nasibeko_22:
Pepani ndikubwezeni. Gawo lomaliza likufunsa mobwerera: munthu apeze malikisi angati kuti alowe m'gulu la 10 pa 100 apamwamba? Mnzanga anapita pa z ya 0.90 n'kuwerenga 0.8159, kenaka anasowa chochita nayo.

Tiyamike_B:
Walowera khomo lolakwika. 0.90 imeneyo si z, ndi chigawo cha anthu. Ndiye muifune m'kati mwa tebulo, osati m'mphepete. Pa tebulo lochokera kumanzere simupeza 0.9000 yeniyeni. Mupeza 0.8997 pa z ya 1.28 ndi 0.9015 pa 1.29. Yoyandikira ndi yoyambayo, ndiye z ndi 1.28. Pa tebulo lanu loyambira pakati mufune 0.4000, mupeza 0.3997 pamalo omwewo.

Kenaka mubweze fomula ija:

```
x = 58 + 1.28 × 8 = 68.24
```

Tanthauzo lake n'lakuti mukuyambira pa avareji, n'kukwera madiviyeshoni 1.28, iliyonse ya malikisi 8. Ikanakhala pesentayilo ya 10, mukanatsika chimodzimodzi, 58 kuchotsa 10.24, mupeza 47.76.

Kadzidzi:
Ndiye wa 68 uja waphonya ndi 0.24 yokha.

Chisale77:
Apa ndiye ndikanenso. Palibe amene amapeza 68.24 pa mayeso. Ndi 68 kapena 69. Nanga onse amene apeza 68 ndendende, ali m'kati kapena kunja?

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
A Chisale, apa mwakhudza chinthu chenicheni. Galafu ya nomolo imayenda mosadukiza, pamene malikisi amadumpha kuchoka pa 67 kupita pa 68. Njira yodziwika ndi kutenga 68 ngati ikuyambira pa 67.5 kulekeza pa 68.5. Pa 67.5, z ndi pafupifupi 1.19 ndipo tebulo likuti 0.8830. Pa 68.5, z ndi pafupifupi 1.31 ndipo likuti 0.9049. Ndiye kuti anthu a 68 adzaza malo kuchokera pa pesentayilo ya 88 mpaka kupitirira pang'ono 90, ndipo mzere wa 90 uja ukudutsa pakati pawo. Mukadulira pa 69 mutenga 9.5 pa 100, osakwana 10. Mukadulira pa 68 mutenga 11.7 pa 100. Tebulo silingakusankhireni, chimenecho n'chigamulo cha amene akuyendetsa mayesowo.

Nasibeko, pa pepala lanu lembani 68.24, n'zimene funso likufuna, pokhapokha akanena kuti mukonze za manambala athunthu.

Chisale77:
Ine ndingatenge onse a 68. Sungasiye mwana chifukwa cha kachidutswa komwe kulibe.

Tiyamike_B:
Nanga malo akakhala owerengeka? Mwa anthu 1000, kusiyana kwa 9.5 ndi 11.7 pa 100 ndi anthu oposa 20.

Namwino_Wa_Ana:
Ndilowereko pang'ono, chifukwa z imeneyi ife timakhala nayo tsiku ndi tsiku kusikelo ya ana. Timatsata miyezo ya kakulidwe ka ana imene WHO inatulutsa mu 2006. Mwana amene msinkhu wake poyerekeza ndi zaka uli pansi pa −2 timati ndi wopinimbira, ndipo kulemera poyerekeza ndi msinkhu kukatsika pansi pa −3 ndiye kuti wanyentchera kwambiri, akufunika chithandizo msanga. Ndinkafuna ndidziwe, −2 imeneyi pa tebulo lanulo ndi pesentayilo yanji?

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
Mayi, pansi pa −2 pali 0.0228, ndiye ana awiri kapena kuposerako pang'ono mwa 100 aliwonse a gulu la ana okula bwino limene anayezerapo. Pansi pa −3 pali 0.0013, pafupifupi mwana mmodzi mwa 1000. Apa mpomwe muona ubwino wa z poyerekeza ndi pesentayilo. Mwana wa −2.5 ndi mwana wa −3.5 onse ali pansi pa pesentayilo yoyamba, ndiye pesentayilo ikuwaika pamodzi, pamene inu mukudziwa kuti wa −3.5 ali pangozi yaikulu kwambiri. Kumchira pesentayilo imathinana, z imasiyanitsabe.

Chenjezo limodzi: z ya kulemera kwa ana simungaipeze ndi fomula ya Nasibeko. Kulemera sikutsata belu bwinobwino, kumatalika mchira chakumanja, choncho WHO inayamba yawongola kaye ndi njira yotchedwa LMS, ndipo imayezera kuchokera pa midiyani, nambala yapakati manambala akasanjidwa. Gwiritsani ntchito matchati awo omwewo.

Kadzidzi:
Koma aphunzitsi, kuwongolako si ntchito ya z yomweyo? Ine ndimadziwa kuti manambala aliwonse ukawasandutsa z, avareji imakhala 0, diviyeshoni imakhala 1, ndiye asanduka nomolo. Ndi chifukwa chake tebulo ndi limodzi la zonse.

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
Theka loyamba mwalondola, lachiwiri ayi, ndipo cholakwika chimenechi chimandidetsa nkhawa kuposa zonse zimene takambirana, chifukwa chimawatsatira anthu mpaka kuntchito. N'zoona kuti manambala aliwonse mukawachotsera avareji n'kugawa ndi diviyeshoni, avareji yawo imakhala 0 ndipo diviyeshoni imakhala 1. Koma maonekedwe awo sasintha ngakhale pang'ono. Kuchotsa kumangosuntha galafu, kugawa kumangoifinya kapena kuitambasula. Zili ngati kusintha mamita kukhala masentimita: ndodo yokhota ikhalabe yokhota. Z mungaiwerengere pa chilichonse, koma tebulo limanena zoona pokhapokha manambalawo anali ooneka ngati belu poyambirira.

Kalaliki_J:
Nkhani imeneyi yandipeza pamalo. Kuntchito kwathu tinalemba mphindi zimene anthu 200 anadikira asanathandizidwe. Avareji ndi mphindi 20, diviyeshoni ndi 18. Abwana akufuna ndiwauze nthawi imene anthu 90 mwa 100 amakhala atathandizidwa kale. Ndatsatira njira ya a Tiyamike, 20 kuwonjezera 1.28 kuchulukitsa ndi 18, ndapeza mphindi 43. Ndipereke?

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
Dikirani kaye bambo. Yesani ichi: pezani z ya mphindi 0. Ndi 0 kuchotsa 20, kugawa ndi 18, mupeza −1.11. Tebulo likuti pansi pake pali 0.1335. Ndiye likukuuzani kuti anthu 13 mwa 100 anadikira nthawi yochepera 0, zomwe sizingatheke. Chinthu chimene sichingatsike pansi pa 0, koma diviyeshoni yake ili pafupi kufanana ndi avareji, sichingakhale belu. Nthawi zodikira nthawi zambiri zimakhala choncho: ambiri amathandizidwa msanga, ochepa amakhalitsa kwambiri n'kukokera avareji m'mwamba.

Komanso inu muli ndi manambala onse 200 m'manja, ndiye tebulo simukulifuna. Asanjeni kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, muone ya nambala 180. Imeneyo ndiyo pesentayilo ya 90 ya anthu anuwo. Mutiuzenso yapakati, pakati pa ya nambala 100 ndi 101.

Gogo_Chalo:
Ndiwonjezere njira ina yoonera. Werengani amene ali pakati pa avareji kuchotsa diviyeshoni imodzi ndi avareji kuwonjezera imodzi, kwa inu pakati pa mphindi 2 ndi 38. Pa belu lenileni amakhala pafupifupi 68 mwa 100, ndipo otsalawo amagawanika mofanana, 16 pansi, 16 pamwamba. Mukapeza pansi mulibe anthu koma pamwamba alipo, mwadziwa.

Kalaliki_J:
Ndasanja. Ya nambala 180 ndi mphindi 44. Tebulo linati 43. Ndiye si kuti a Kadzidzi amanena zoona? Yapakati yatuluka 15.

Kadzidzi:
Mwaonatu. Kusiyana mphindi imodzi yokha.

Tiyamike_B:
Taonani yachiwiriyo achimwene. Tebulo limati avareji, mphindi 20, ndiyo pesentayilo ya 50. Manambala enieni akuti theka la anthu linali litathandizidwa pofika mphindi 15. Pamenepo laphonya ndi mphindi zisanu pa chinthu cha mphindi 20.

Mphunzitsi_Wa_Masamu:
Kugwirizana kwa pa 90 kuja sikundidabwitsa. Manambala otalika mchira kumanja mukawayerekeza ndi nomolo, pakatikati tebulo limapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni, monga taonera pa 20 ndi 15, koma kumapeto kwenikweni limapereka yotsika. Ndiye penapake pakati pa malo awiriwa ziyenera kukumana, ndipo kawirikawiri zimakumanira chapafupi ndi pesentayilo ya 90. Mwangofunsa pamalo pomwe mizere iwiri ikudutsana. Kuti mutsimikize, pitani kumchira. Pesentayilo ya 99 ili pa z ya 2.33, ndiye 20 kuwonjezera 2.33 kuchulukitsa ndi 18, pafupifupi mphindi 62. Tebulo likulonjeza kuti mwa anthu anu 200, awiri okha ndi amene anapitirira pamenepo. Awerengeni.

Kalaliki_J:
Alipo 7. Wokhalitsa kwambiri anadikira mphindi 96.

Mlonda_Usiku:
Mphindi 96 ndi z yoposa 4. Pa belu lenileni zimenezo zimachitika kwa anthu ochepera mmodzi mwa 10,000, inu mwamupeza mwa 200 okha. Abwana apatseni 44 yowerenga nokhayo, ndipo muwauzenso za anthu 7 aja, chifukwa ndi amene amabwera kudzadandaula. Mu Excel `PERCENTILE.INC` imawerenga kuchokera pa manambala enieni osadalira nomolo, ngakhale yankho lingasiyane pang'ono ndi lanu chifukwa imayerekeza pakati pa manambala awiri oyandikana.

Kadzidzi:
Za mchira ndavomera. Koma ndikanali kunena kuti pa funso limene abwana anafunsa, tebulo silinanamize munthu. Munthu amene ali ndi avareji ndi diviyeshoni zokha, wopanda manambala onse, atani? Angokhala?

Gogo_Chalo:
Anene kuti akungoyerekeza, ndipo asapite kumchira. Palinso lamulo la Chebyshev limene limagwira pa manambala a maonekedwe aliwonse: amene ali kutali ndi avareji kuposa madiviyeshoni awiri sangapose gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndi lotakata kwambiri poyerekeza ndi 5 pa 100 ya nomolo, koma silinama.

Kalaliki_J:
Ndipereka 44 pamodzi ndi yapakati ija. Koma mwezi wamawa adzafuna ndiyerekeze za anthu amene sanabwere, osati amene tawalemba kale, ndipo anthu 200 ndi ochepa kuti ndidalire awiri omalizira pa pesentayilo ya 99. Ndamva kuti ena amayamba atenga logarithimu ya mphindizo kenaka n'kupeza z. Alipo amene anayesapo pa nthawi zodikira? Nanga amene anathandizidwa nthawi yomweyo, a mphindi 0, mumatani nawo, poti 0 ilibe logarithimu?